Fomu, tebulo ndi ndalama: pamene Zapier akukwanira, ndi pamene Python akufunika

Tiyerekeze kuti bungwe lina laling'ono likukonza maphunziro a masiku awiri. Malo alipo 120, ndipo aliyense akuyenera kulipira K25,000. Anthu akulembetsa pa fomu ya Google Forms, mayina akugwera mu tebulo la Google Sheets, ndalama zikulowa kudzera pa Airtel Money ndi Mpamba. Mlembi wa bungwelo watopa ndi ntchito yofananitsa zithunzi za mauthenga a malipiro zimene anthu akumutumizira pa WhatsApp ndi mayina a m'tebulo, ndiye akufuna kuti zonsezi zizichitika zokha: munthu akalembetsa alandire linki yolipirira, akalipira mzere wake usinthe, lisiti limupeze pa imelo.

Njira zimene anthu amamuuza ndi ziwiri. Ena amati atsegule akaunti pa Zapier kapena Make n'kulumikiza zinthuzo pongodina, osalemba khodi. Ena amati apeze mnyamata wodziwa Python amulembere kapulogalamu ka mizere zana limodzi. Mkangano wa anthu amenewa nthawi zambiri umathera pa funso loti ndani amadziwa khodi. Kwa ine funso lenileni lili pena. Ntchito ya mlembiyu ili ndi magawo awiri osiyana chikhalidwe: gawo lonyamula uthenga kuchoka apa kupita apo, ndi gawo lokumbukira kuti ndalama iyi ndi ya yani komanso ngati tinaiwerengera kale. Gawo loyamba zida zongodina zimaligwira bwino kwambiri. Lachiwirilo ndi limene limapweteketsa anthu.

Gawo lonyamula

Zida zonsezi zimaganiza mofanana. Pamakhala choyambitsa, kenako masitepe otsatira. Pa Zapier mlembi asankha choyambitsa cha `New Spreadsheet Row`, kutanthauza kuti mzere watsopano ukaoneka m'tebulo ntchito iyambe. Sitepe yoyamba ipempha linki yolipirira kwa kampani yolandirira malipiro, yachiwiri ilemba linkiyo pa mzere wa munthuyo, yachitatu itumiza imelo. Munthu amene sanalembepo khodi chibadwire atha kumaliza zimenezi madzulo amodzi, ndipo china chikalakwika amaona pa sikirini sitepe imene yakanika, zimene zinalowa ndi zimene zinatuluka. Phindu limeneli sindilichepetsa. Aliyense amene anakhalapo usiku akusakasaka chifukwa chimene kapulogalamu kake kangoti zii amalidziwa.

Chofunika kuchimvetsa msanga ndi mmene zidazi zimawerengera ndalama zawo. Zapier amawerenga pafupifupi sitepe iliyonse imene yagwira ntchito bwino, amaitcha `task`, koma choyambitsa sachiwerengera. Pa pulani yaulere amapereka matasiki 100 pamwezi, ndipo amalola choyambitsa chimodzi ndi sitepe imodzi basi. Ntchito yathuyi ili ndi masitepe atatu polembetsa, ndi ena pafupifupi anayi ndalama zikafika: kutsimikiza malipiro, kupeza mzere, kuusintha, kutumiza lisiti. Amenewo ndi matasiki pafupifupi 7 pa munthu mmodzi, 840 pa anthu 120. Pulani yaulere yatha kalekale, komanso chida cholandirira mauthenga a malipiro, `Webhooks by Zapier`, chili pa mapulani olipira.

Make, amene kale ankatchedwa Integromat asanasinthe dzina mu 2022, amaoneka wopatsa chifukwa pulani yake yaulere ili ndi masitepe 1,000 pamwezi. Koma iye amawerenganso kasuzumiridwe. Mukamuuza kuti aziona m'tebulo mphindi 15 zilizonse, aona ka 96 patsiku, ka 2,880 pa masiku 30, ngakhale palibe ndi mmodzi yemwe amene walembetsa. Gawo lanu laulere litha pa tsiku la 11 muli chikhalire. Mankhwala ake ndi kumuuza aziona kamodzi pa ola, zomwe ndi ka 720 pamwezi n'kungotsala 280 ya ntchito yeniyeni, kapena kukonza kuti fomuyo izimugogodera yokha munthu akalembetsa. Mitengo ndi malire amenewa amasinthasintha, choncho werengani tsamba lawo la mitengo tsiku limene mukuyamba. Koma kawerengedwe kake ndi komweko: chulukitsani masitepe ndi chiwerengero cha anthu, muwonjezere kasuzumiridwe.

Ndipo bilu yake imabwera mu madola. Kwa munthu wa ku Malawi zimenezi si nkhani yaing'ono. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, aliyense amene ankalipira zinthu zotere anaona bilu yomweyo ya madola ikudya makwacha ochuluka kwambiri, osanenanso za khadi la banki limene limakana kulipira kunja ndalama zakunja zikasowa. Khadi likakanidwa, ntchito yonse imaima pakati pa kalembera.

Gawo lokumbukira

Tsopano ndalama. Ngati anthu akungotumiza ku nambala ya foni ya msungichuma, palibe chida chilichonse, kaya Zapier kaya Python, chimene chidziwe chokha kuti ndalama zafika, chifukwa uthengawo uli mu foni ya munthu. Kuti zinthu ziziyenda zokha pamafunika kampani yoima pakati, monga PayChangu kuno kwathu, imene imalandira Airtel Money, Mpamba ndi makhadi. Popempha linki mumaipatsa nambala yanu ya malipirowo, imene pa makampani angapo imalembedwa kuti `tx_ref`. Munthu akalipira, kampaniyo imatumiza uthenga ku adiresi ya pa intaneti imene munaipatsa. Uthenga wogogoda wokhawu ndiwo amautcha webihuku.

Nambala ya `tx_ref` ndiyo msana wa ntchito yonse, ndipo kulakwitsa koyamba kumene ndimaona ndi kuinyalanyaza n'kumafananitsa malipiro ndi dzina kapena nambala ya foni. Mayi walembetsa ndi nambala yake ya TNM koma walipira ndi Airtel ya amuna ake. Bwana mmodzi walipirira antchito atatu pa foni imodzi. A Banda alipo asanu ndi awiri. Nambala za foni nazo anthu amazilemba mmene afunira: wina ayamba ndi 099, wina ndi +265 99, wina aika mipata pakati. Google Sheets akaona manambala okhaokha amawatenga ngati chiwerengero n'kudula ziro wa kutsogolo, ndiye chimene chili m'tebulo sichifanananso ndi chimene chabwera mu uthenga wa malipiro. Choncho munthu aliyense apatsidwe nambala yakeyake pamene akulembetsa, monga `MP-047`, ilembedwe mu kolamu yake ngati mawu, ndipo ikhale yokhayo yofananitsira. Isakhale nambala ya mzere wa m'tebulo, chifukwa tsiku limene mlembi adzasanje mayina motsatira alifabeti kapena kufufuta mzere wa munthu amene wasiya, mzere 48 udzakhala wa munthu wina. Lamulo limeneli ndi la njira zonse ziwiri.

Apa ndi pamene njira ziwirizi zimasiyana. Webihuku simabwera kamodzi nthawi zonse. Kampani yamalipiro ikatumiza uthenga imadikira yankho loti walandiridwa, limene ndi nambala 200. Yankholo likachedwa kapena likasowa panjira, imatumizanso. Stripe, mwachitsanzo, amanena poyera kuti amayesabe mpaka masiku atatu, kuti uthenga umodzi utha kufika kangapo, komanso kuti mauthenga sangafike motsatana ndi mmene zinthu zinachitikira. Makampani ena ali ndi malamulo awo, koma khalidwe lake ndi lomweli, ndipo si vuto la kampaniyo ayi. Kubwereza n'kwabwino kusiyana n'kutaya uthenga wa ndalama. Udindo wozindikira kuti uwu ndauona kale ndi wa wolandira.

Tione zimene zingachitikire a `MP-047`. Alipira K25,000 nthawi ya 10:02. Uthenga ufika, masitepe ayenda, kolamu ya ndalama zolipidwa ikhala 25,000, lisiti lipita. Nthawi ya 10:07 uthenga womwewo ufikanso. Ngati sitepe yanu imangolemba mawu oti WALIPIRA, palibe chaonongeka kupatula lisiti lachiwiri. Koma bungweli limalola kulipira pang'onopang'ono, ndiye sitepeyo imawonjezera ndalama zatsopano pa zimene zilipo. Tebulo lisonyeza 50,000, ndipo msungichuma ayamba kukonza zobweza 25,000 imene kulibe. Choopsa kwambiri ndi munthu amene walipira theka, K12,500: uthenga ukabwera kawiri aoneka ngati wamaliza, ndipo palibe amene adandaule. Mudzazindikira pa mapeto, tebulo likunena K3,000,000 pamene ku akaunti kuli zoperewera.

Pa zida zongodina mutha kudziteteza. Muika sitepe yofufuza ngati nambala ya malipirowo inalembedwapo kale, pa tebulo lina kapena mu `Storage by Zapier` kapena `Data store` ya Make, kenako sefa yoimitsa ntchito ikapezeka. Zimagwira, kupatula pamene mauthenga awiriwo afika motsatizana kwambiri. Woyamba afufuza, sapeza. Asanalembe, wachiwiri afufuzanso, nayenso sapeza. Onse awiri alemba. Pakati pa kufufuza ndi kulemba pali kampata ka masekondi angapo, ndipo Google Sheets alibe njira yokanira mzere wobwereza. Make ali ndi posankha poti mauthenga aziyenda mmodzimmodzi, zomwe zimatseka kampatako, koma muyenera kudziwa kuti vutolo liliko kuti mukapadine.

Mu Python kufufuza ndi kulemba kumakhala chinthu chimodzi, chifukwa mumagwiritsa ntchito SQLite, kankhokwe kamene kamabwera limodzi ndi Python ndipo kamakhala mu fayilo imodzi:

```python
db.execute("""CREATE TABLE IF NOT EXISTS malipiro (
    tx_id TEXT PRIMARY KEY, ref TEXT,
    ndalama INTEGER, zalembedwa INTEGER DEFAULT 0)""")

cur = db.execute(
    "INSERT OR IGNORE INTO malipiro (tx_id, ref, ndalama) VALUES (?, ?, ?)",
    (tx_id, ref, ndalama))
db.commit()
if cur.rowcount == 0:
    return "ok", 200
```

Mawu oti `PRIMARY KEY` ndiwo mlonda: nkhokweyo payokha singalole `tx_id` imodzi kulowa kawiri, ngakhale mauthenga afike pa sekondi imodzi. Wobwereza amayankhidwa 200 kuti kampaniyo ileke kutumiza, koma sakhudza chilichonse. Onani kuti `tx_id` ndi nambala ya malipiro amodzi, pamene `ref` ndi nambala ya munthu. Wolipira kawiri theka-theka ali ndi `ref` imodzi ndi ma `tx_id` awiri, ndipo ngati kampani yanu imafuna `tx_ref` yosabwereza pa malipiro aliwonse, mumaipanga kukhala `MP-047-1` ndi `MP-047-2`.

Kolamu ya `zalembedwa` ili ndi ntchito imene ambiri amaiiwala. Tiyerekeze kuti malipiro alowa mu nkhokwe, koma pamene kapulogalamu kakuti kalembe ku Google Sheets, intaneti yadula. Uthenga ukabweranso udzaonedwa ngati wobwereza, ndipo tebulo silidzasintha mpaka kalekale. Choncho ntchito igawidwe pawiri. Wolandira uthenga angosunga n'kuyankha 200 msanga. Kachigawo kena, koyendetsedwa mphindi zisanu zilizonse ndi `cron`, chida choyambitsa ntchito pa nthawi imene mwaika, katenge mizere yonse imene `zalembedwa` ndi 0, kawerengetse ndalama zonse za munthu aliyense kuchokera mu nkhokwe, kalembe chiwerengerocho m'tebulo, katumize lisiti, kenako kasinthe 0 kukhala 1. Kulemba chiwerengero chonse m'malo mowonjezera kumatanthauza kuti ngakhale kachigawoko kayende kawiri, yankho ndi lomwelo. Tebulo lasanduka galasi loonerapo, buku lenileni la ndalama ndi nkhokwe ija.

Kulemba m'magulu kumathandizanso pa malire a Google. Sheets API imalola zopempha 60 pa mphindi kwa wogwiritsa ntchito mmodzi, ndi 300 pa polojekiti yonse. Kapulogalamu kolemba selo imodzi imodzi, maselo atatu pa munthu, kagunda malirewo pa munthu wa 21 n'kulandira 429, yankho lotanthauza kuti zopempha zachuluka. Ndi laibulale ya `gspread` mumasonkhanitsa zonse n'kutumiza kamodzi ndi `batch_update`. Powerenga, `get_all_records()` amasandutsa mawu ooneka ngati manambala kukhala manambala, ndiye ziro uja adulidwanso pokhapokha mutaika `numericise_ignore=["all"]`.

Kodi uthengawo wachokeradi kwa eni ake?

Adiresi yolandirira webihuku ndi khomo lotseguka. Aliyense amene waidziwa atha kutumiza uthenga wonena kuti `MP-047` walipira. N'chifukwa chake makampani ambiri amadinda uthenga uliwonse ndi chidindo chowerengetsedwa kuchokera ku mawu a uthengawo ndi kiyi yachinsinsi imene mukudziwa awiri nokha. Kuchiona mu Python ndi mizere itatu:

```python
choyenera = hmac.new(KIYI, request.get_data(), hashlib.sha256).hexdigest()
if not hmac.compare_digest(choyenera, request.headers.get("Signature", "")):
    abort(401)
```

Dzina la mutu umene chidindo chimakhalamo, ngakhalenso kawerengetsedwe kake, zimasiyana kampani ndi kampani, choncho tsatirani buku la kampani yanu. Chosasintha n'chakuti chidindo chimawerengetsedwa pa uthenga monga unafikira, chilembo ndi chilembo. Pa Zapier, `Catch Hook` amaumasula kale uthengawo n'kuugawa m'zigawo, ndiye muyenera kusankha `Catch Raw Hook`, kenako kuika sitepe ya `Code by Zapier` yowerengetsa chidindocho. Taonani pamene tafika: tikulemba Python m'kati mwa chida chimene tinachisankha pothawa Python.

Pali njira ina yosavuta imene imagwira kulikonse. Musaukhulupirire uthengawo, ungokhala belu. Likalira, funsani kampaniyo nokha pa adiresi yake yotsimikizira malipiro, ndi kiyi yanu, kuti malipiro akutiakuti ali pati. Pa yankholo onani zinthu zitatu: kuti malipiro anatheka, kuti ndalama zake ndi zingati, ndi kuti ndi makwacha. Njira imeneyi ndiyo yokha yodalirika ngati mwasankha Google Apps Script, chida chaulere chimene chili m'kati mwa Sheets momwemo, chifukwa `doPost` yake siona mitu ya uthenga umene wafika. Apps Script ndi yabwino ndithu pa ntchito yaing'ono ngati iyi, ili ndi `LockService` yotsekera kampata kaja, koma imalembedwa mu JavaScript ndipo ntchito imodzi singapitirire mphindi 6.

Mtengo wobisika wa kapulogalamu

Ndikanakhala wonama ndikanati Python ndi yaulere. Kapulogalamu kolandira webihuku kamafuna pokhala poyaka usana ndi usiku, pa adiresi ya `https`. Seva yaing'ono yobwereka ndi madola asanu kapena kuposerapo pang'ono pamwezi, ndipo mtengowo susintha kaya anthu ndi 120 kaya 5,000. Koma nawonso ndi madola, ofuna khadi lomwe lija.

Ine ndinayesapo kuthawa ndalama imeneyi. Ndinaika kapulogalamu kofunsa malipiro mphindi khumi zilizonse pa laputopu yakale pansi pa desiki. Lachisanu madzulo magetsi anazima, batire inatha, ndipo atayakanso laputopuyo inangokhala pa sikirini yofunsa pasiwedi. Palibe chimene chinandiuza. Ndinadziwa Lolemba m'mawa, mayi wina ataima pakhomo la holo akundionetsa uthenga wa malipiro pa foni ya galasi long'aluka, chala chake chili pa nambala, dzina lake mulibe pa pepala limene ndinali nalo m'manja. Kumbuyo kwake kunali ena asanu ndi mmodzi.

Kusiyana kwake ndi kumeneko. Zapier ndi Make sitepe ikakanika amakutumizirani imelo ndipo amasunga mbiri yoti mutha kuyendetsanso zimene zinakanika. Kapulogalamu kanu kakafa kamafa mwakachetechete, pokhapokha mutakamangira belu nokha. Belu losavuta ndi selo imodzi pamwamba pa tebulo imene kapulogalamu kamalembamo nthawi imene kayenda komaliza, yofiira yokha ikapitirira mphindi 30. Mlembi safunika kudziwa khodi kuti aone kufiira.

Palinso nkhani ya makiyi. Kuti `gspread` alembe m'tebulo mumapanga akaunti ya makina pa Google Cloud, n'kugawana tebulolo ndi imelo yake monga mugawanira ndi munthu. Fayilo ya kiyi yake, pamodzi ndi kiyi ya kampani yamalipiro, zikhala pa seva. Mnyamata wolemba uja akapeza ntchito ku Joni, ndani ali ndi pasiwedi ya seva? Ndani adzakonze mlembi akadzasintha funso la pa fomu kuchoka pa "Nambala ya foni" kukhala "Foni yanu", mutu wa kolamu n'kusintha, kapulogalamu n'kugwa ndi `KeyError`? Kusintha komweko kumasokonezanso Zapier, koma kumeneko mlembi atha kutsegula yekha n'kulozanso kolamu yoyenera. Alipo amene amasankha n8n, chida chongodina chimene mutha kuika pa seva yanu osalipira pa sitepe. Chimachotsa bilu ya matasiki, koma mtolo wa seva ndi makiyi umakhalabe pamutu panu.

Bungwe lathu lija ndikanaligawira chonchi. Ngati maphunziro ndi a kamodzi pachaka ndipo ndalama zimalipidwa zonse kamodzi, lilipire mwezi umodzi wa chida chongodina, lifananitse ndi `tx_ref`, lizitsimikiza malipiro aliwonse pofunsa kampani, ndipo sitepe yomaliza izilemba WALIPIRA osati kuwonjezera manambala. Kubwereza kukachitika kudzangobala lisiti lachiwiri. Ngati maphunziro ndi a mwezi ndi mwezi, anthu amalipira pang'onopang'ono, ena amabwezeredwa ndalama, bwana mmodzi amalipirira atatu, gawo la ndalama lipite ku Python ndi nkhokwe yake, ndipo anthu awiri a m'bungwemo akhale ndi makiyi. Maimelo olandirira anthu ndi zikumbutso atha kutsalabe pa chida chongodina, pamene mlembi angasinthe mawu ake popanda kuimbira foni aliyense.

Njira iliyonse imene angasankhe, pali ntchito imodzi imene imatsala. Madzulo aliwonse a kalembera, wina atsitse sitetimenti ya tsikulo kuchokera ku kampani yamalipiro n'kuiyerekeza ndi zimene zalembedwa kwathu, nambala ndi nambala. Malipiro amene ali pa sitetimenti koma kwathu kulibe ndi webihuku imene inasowa. Amene ali kwathu koma pa sitetimenti palibe ndi achinyengo, ndipo amene aoneka kawiri kwathu ndi obwereza. Mu Python ndi kuchotsera gulu limodzi la ma `tx_id` pa linzake mbali zonse ziwiri, mu Sheets ndi `COUNTIF` imodzi pa mbali iliyonse kutsika nayo kolamu yonse. Pa anthu 120 zimatenga mphindi zosakwana khumi, ndipo sitetimentiyo ikanakhala m'manja mwanga lisanafike Lolemba lija, mayi uja akanapeza dzina lake pa pepala.